Chovala Amachionera M'kati

Mayi anga aang'ono akamaliza kusoka chovala sachipereka chili choongoka. Amayamba achitembenuza, za m'kati zituluke kunja, ndiye n'kuchiyala pa tebulo la makina pamaso pa mwini wake. Misoko yonse imakhala poyera: pomwe ulusi unayambira, pomwe unathera, kumbuyo kwa zipi, kukhwapa, mpendero wa m'munsi. Amene abwera koyamba amadabwa. Ndinamvapo mtsikana wina akufunsa kuti, "Mayi, bwanji mukundipatsa diresi yotembenuza?" Iwo anayankha osakweza n'komwe maso kuchoka pa singano: "Chikomekome cha mkuyu, mwanangu, m'kati muli nyerere. Ona kaye kuno. Kunjako ukaonera pa galasi."

Aliyense amene anakulira pafupi ndi mtengo wa mkuyu mwambiwu saufunsa tanthauzo. Nkhuyu yakupsa imaitana maso, yofiirira, yosalala, yofewa m'manja. Ukaing'amba pakati ndi zala ndi pamene umapeza tizilombo tili yakaliyakali. Mwana amene anatafunapo nkhuyu osaing'amba sabwerezanso. Makolo anaupereka mwambiwu pochenjeza za anthu, za maukwati, za malonjezo. Koma ine sindinaone ntchito imene mwambiwu umaikhala bwino ngati ya utelala, chifukwa chovala chili ndi nkhope ziwiri, ndipo wogula amangoonetsedwa imodzi.

Taganizani mmene malonda a telala amayendera. Ukapita ku golosale, sopo umamuona, umamugwira, kenako n'kulipira. Kwa telala umapita ndi nsalu yako, imene mwina wasungira ndalama miyezi iwiri, kapena anakupatsa apongozi, n'kuisiya m'manja mwa munthu amene ali ndi sizasi. Chomwe wagula pa tsikulo ndi mawu okha. Ndipo sizasi ilibe njira yobwerera: pomwe yadutsa padutsika basi. N'chifukwa chake anthu amaopa atelala kwinaku akuwafuna. Mawu oti "bwerani mawa" anasanduka nthabwala ya dziko lonse, ndipo palibe banja limene mulibe munthu amene anapitapo ku ukwati atavala chovala chakale, chatsopanocho chikadali m'thumba pansi pa makina a munthu wina.

Chaka chatha mayi aang'ono anachoka pakhonde la sitolo pomwe anasokerapo zaka zambiri ku Lunzu, n'kulowa m'kachipinda kawokawo, ka chitseko ndi zenera. Ana awo anandipempha kuti ndilembe mbiri ya mmene ntchitoyi inayambira, tiipachike pakhoma kuti olowamo aziwerenga podikira. Ndinalemba ndi mtima wonse. Ndinatchula za umasiye wawo, za kulimba mtima, za manja odalitsika. Nditawawerengera anakhala chete kanthawi, akupukuta mafuta pa makina ndi kansanza.

"Walemba bwino, mwanangu," anatero. "Koma siketi ya chinkhoswe ija ili pati?"

Ndinati ndinaisiya dala, chifukwa munthu sayamba kulonjera alendo ndi kuwaonetsa pomwe denga limadontha. Iwo anapukusa mutu. "Ndiye wandisokera kunja kokha. Munthu akawerenga zimenezi adziwa kuti ndinavutika. Nanga kuvutika kwanga kukumuuza chiyani za nsalu yake?"

Funso limeneli landikhala m'mutu kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndi limene landichititsa kuti ndiilembenso mbiriyi, ulendo uno yotembenuza.

Anayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, bambo aang'ono atamwalira. Inali nthawi yovuta kuyamba utelala. Kaunjika anali atadzaza m'misika, malaya ovalidwa kale ochokera kunja akugulidwa motchipa kuposa mtengo wosokera okha. Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi osafika m'maondo linali litangochotsedwa pa kusintha kwa ndale, ndipo atsikana ankathamangira ku mabelo kukasankha zomwe atelala a m'makonde anali asanasokepo. Ambiri ankati utelala watha. Koma kaunjika yemweyo ndi amene anawapatsa mayi aang'ono ntchito yoyamba, pakuti chovala cha pa belo sichinapimidwe pa thupi la munthu wa kuno. Buluku lotalika miyendo, siketi yaikulu m'chiuno, jekete lakufa zipi, zonsezi zinkafuna munthu wa singano.

Anaphunzira kwa agogo ena amene ankasoka pakhonde lomwelo. Malipiro a maphunziro anali kuwakolezera makala a simbi, kusita, kusokerera mabatani ndi kupendera ndi manja. Mwezi woyamba wonse sanaloledwe kulowetsa ulusi m'makina. Ankangopalasa, singano ikuboola mizere pa pepala la thumba la simenti, kufikira phazi litaphunzira kuyendetsa gudumu mbali imodzi osabwerera m'mbuyo. Makina opalasa gudumu likabwerera amadula ulusi kapena kuukola pansi. Atadziwa zimenezo anapatsidwa ntchito imene iwo amati ndiyo inali sukulu yeniyeni: kusula. Agogo aja ankawapatsa chovala cha kaunjika choti achepetse, n'kunena kuti, "Usanadule, sula msoko, uone mmene mnzako anasokera." Kwa chaka chathunthu maso awo ankakhala m'kati mwa zovala za anthu ena. Kumeneko ndi komwe anaonera kuti zovala zina zimasiyidwa ndi nsalu yokwanira m'misoko, zina zimametedwa mpaka pa ulusi, ndipo kunja zonsezo zimaoneka chimodzimodzi.

Makina awo oyamba anali a Butterfly, akuda aja, ogwiritsidwapo kale ntchito. Ndalama zake zinachokera ku chiperegani cha amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mandasi, pomwe anadikira mpaka ulendo wawo utakwana. Pokagula anatenga agogo aja. Wogulitsayo anali atawapukuta mpaka kunyezimira, maluwa agolide aja akuwala. Agogo sanayang'ane zimenezo. Anagwira kachitsulo konyamula singano n'kukagwedeza kuti amve ngati kakusewera, anapendeketsa mutu wa makina kuona dzimbiri kunsi, kenako anapinda chigamba cha kaki kanayi n'kusoka mzere umodzi. Atamaliza anatembenuza chigambacho. Lamba anali wotha, koma anati lamba ndi chinthu chogula pa msika. Chimene sichigulika mosavuta ndi shatulo yosadyeka, ndipo imeneyo inali bwino. Makinawo alipo mpaka lero, ndipo magetsi akazima ndi amene amagwira ntchito.

Tsopano siketi ija.

Patatha pafupifupi chaka akungochepetsa ndi kuika zigamba, kunabwera mayi wina ndi chitenje chatsopano, cha mamita awiri monga zimakhalira, choti asokere siketi. Mwana wa mlongo wake ankachita chinkhoswe, ndipo akuchikazi onse anagwirizana kuvala nsalu imodzi. Atelala odziwika anali atadzaza, choncho anabwera kwa wophunzira. Agogo aja tsiku limenelo anali ku maliro. Mayi aang'ono analandira nsaluyo mtima ukugunda ndi chimwemwe, poti aka kanali koyamba kupatsidwa nsalu yosadula.

Anapima ndi tepi. M'mahipi munali mainchesi 42. Siketi yowongoka imadulidwa nsalu ili yopinda, kotero muyezo umagawidwa panayi, ndipo 42 kugawa panayi ndi 10 ndi theka. Anajambula ndi choko pa 10 ndi theka, n'kuonjezera theka la inchi la msoko, n'kudula. Masamu ake anali oona, koma anali masamu a munthu woimirira osapuma. Thupi la munthu likakhala pansi limatambasuka, ndipo chitenje sichitamuka ngati nsalu za kaunjika zomwe iwo anazolowera. Telala wodziwa amayamba waonjezera mainchesi awiri a mpata wopumira, 42 ikhale 44. Akagawa panayi amapeza 11, ndipo pamenepo amaonjezera inchi yathunthu ya msoko wa m'mbali, n'kudula pa 12. Iwo anadula pa 11. Inchi imodzi pa nsalu yopinda imaoneka ngati kanthu kochepa, koma ili m'malo anayi.

Cholakwa chachiwiri chinali chakuti sanaviike nsaluyo m'madzi. Chitenje cha thonje chimachoka ku fakitale chili chokokedwa ndi cholimbitsidwa ndi sitachi, ndipo chikalawa madzi koyamba chimabwerera. Chimabwerera kwambiri m'litali mwake kusiyana ndi m'lifupi. Tsono zitenje zambiri zili ndi maluwa a m'mphepete amene mwini wake amafuna kuti akhale m'munsi mwa siketi, ndipo kuti zitero, litali la nsalu ndi limene limazungulira thupi. Ndiye kuti kubwerera konse kumakagwera m'mahipi momwemo, momwe munalibe kale mpata.

Mayi uja anabwera kudzayesa. Anaimirira kuseri kwa nsalu yotchinga, siketi inalowa, zipi inatseka. Inamugwira thupi bwino lomwe, ndipo anachoka akumwetulira. Kunyumba anaichapa kuti ifewe. Kutatsala masiku atatu kuti chinkhoswe chichitike anabwereranso, siketi ili m'manja, zipi itang'ambika pomwe inayambira. Anaivala m'mawa, n'kukhala pa mpando.

Pamenepa mayi aang'ono akamafotokoza amatsitsa mawu. Anatembenuza siketiyo kuti aone ngati angaitakase, ndipo m'kati munalibe kanthu. Theka la inchi lija linali litayamba kale kuyoyoka ndi kuchapa, poti makina opalasa amangosoka mzere wowongoka, samanga m'mphepete mwa nsalu. Akanasiya inchi yathunthu, akanasula misoko iwiri ya m'mbali n'kusokanso theka la inchi chakunja. Msoko uliwonse uli ndi nsalu ziwiri, misoko ndi iwiri, ndiye theka kanayi ndi mainchesi awiri obwezeredwa pa siketi, ntchito ya ola limodzi. Njira ina inali yoika kachidutswa ka nsalu yomweyo m'mbali. Koma zotsala za chitenjecho anali atasokera kale mwana wawo kadiresi, monga ankaonera atelala ena akuchita, osaganiza n'komwe kuti n'kulakwa. Mwanayo anali atakavala kale ku tchalitchi.

Atelala a khonde loyandikana anawapatsa nzeru. Wina anati, "Muuzeni kuti wanenepa." Wina anati, "Anamuuza ndani kuti achape? Mlandu ndi wake." Ndipo kunena zoona, mayi uja sakanatha kutsutsa. Sankadziwa za mpata wopumira, sankadziwa kuti nsalu imayenera kuviikidwa. Anayesa siketi pamaso pa telala n'kuvomera yekha. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mwambi uja ukulankhula kwa telala kuposa kwa kasitomala. Wodya nkhuyu angathe kuing'amba. Wosoketsa chovala nthawi zambiri sadziwa n'komwe poyang'ana. Nyerere zimadziwika ndi amene anazitsekera m'katimo, ndipo iye yekha ndi amene angasankhe kuzinena.

Mayi aang'ono anamuuza kuti, "Achemwali, ndalakwitsa ndine. Ndinadula mothina, ndipo zotsala zanu ndinagwiritsa ntchito osakupemphani." Mayi uja anakalipa, ndipo anali ndi chifukwa. Anthu a pamsika anaima kumvetsera.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Limbe ndi kachidutswa ka siketiyo m'manja, kulowa sitolo ndi sitolo. Masiku amenewo zitenje zambiri zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead mu Blantyre momwemo, koma mtundu wa maluwa ukatha m'masitolo unkatha ndithu. Anaupeza madzulo, m'sitolo ya kumapeto, utatsala pang'ono. Ndalama yomwe analipira inali ya zigamba za milungu iwiri. Usiku womwewo anaviika nsaluyo, n'kuiyanika m'nyumba. Tsiku lotsatira anaisita, agogo aja ataimirira pambali, n'kudula pa 12. Anamaliza kupendera ndi manja pa kuwala kwa koloboyi, ndipo m'bandakucha wa tsiku la chinkhoswe anayenda wapansi kukaipereka, pamodzi ndi zotsala zonse atazimanga m'kamtolo.

M'mbiri yanga yoyamba ija, ndikanati ndiikemo nkhaniyi, ndikanaimaliza ndi kukumbatirana. Sizinatero. Mayi uja analandira siketi, sanathokoze, ndipo sanabwerenso kudzasoketsa. Amene anabwera patatha mwezi anali mlamu wake, amene anali pa chitofu m'mawa uja n'kuona telala akulowa pa mpanda mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anabwera ndi nsalu ziwiri. Anati, "Ndinamva zonse. Ine atelala andiwonongerapo nsalu katatu, koma palibe anavomerapo." Mayi ameneyu anasoketsa kwa iwo mpaka ukalamba wake, ndipo ndi amene anawabweretsera amayi a Mvano a mpingo wake kudzasoketsa mabulauzi oyera.

Zonse zimene mayi aang'ono amachita lero pa makina zinabadwa m'masiku atatu amenewo. Nsalu ya thonje ikabwera amafunsa ngati yachapidwa, ndipo ngati sinachapidwe amamuuza mwini wake kuti tsiku loyamba ndi la madzi. Amaitambasula pamaso pake n'kuipima, chifukwa chitenje chogulitsidwa ngati cha mamita awiri nthawi zina chimapezeka choperewera, ndipo zimenezi n'zofunika kuzidziwa sizasi isanalowe, anthu awiri akuona. Poyesa chovala salola munthu kungoimirira. M'kachipinda kawo muli mpando umene ntchito yake ndi imeneyo. "Khalani pansi. Weramani ngati mukutola kanthu. Kwezani manja." Bulauzi imene ikukoka kukhwapa munthu akakweza dzanja idzang'ambika pa tsiku lovina, ngakhale pa galasi ioneke bwanji.

Ndipo zotsala zimabwerera kwa mwini wake, ngakhale kachidutswa kosakwana mpango. Ena amaseka n'kunena kuti, "Mayi, tengani, ine ndikachita nazo chiyani?" Apo amalandira, poti wapatsidwa. Koma amayamba wawauza kuti asunge kachidutswa kamodzi kokulirapo, chifukwa thupi la munthu limasintha, ndipo tsiku lina kadzafunika.

Pali chinthu china chimene anandionetsa tsiku limene ndinawawerengera mbiri ija, ndipo ndachiganizira kwambiri. Anatenga chigamba, n'kumasula pang'ono kagudumu kamene kamapana ulusi wa pamwamba, n'kusoka mzere. Pamwamba msoko unaoneka bwinobwino. Atatembenuza, kunsi kunali timalupu ta ulusi tolendewera ngati ndevu. Anakoka ulusi umodzi ndi chikhadabo, mzere wonse n'kusoloka. Anandiuza kuti wophunzira aliyense akaona zimenezi amathamangira kukamasula bobini, poti vuto laonekera pansi. Koma ulusi wolendewera pansiwo ndi wa pamwamba, umene sunapanidwe mokwanira kapena sunadutse bwino m'njira yake. Msoko wabwino ndi umene ulusi wa pamwamba ndi wa pansi akolana pakati penipeni pa nsalu, mfundo yake osaoneka mbali iliyonse. Kenako anaika tepi pa msoko wa diresi ina n'kundiuza kuti ndiwerenge. Ndinapeza timisoko 11 pa inchi imodzi. Anati telala amene ali pa liwiro amatalikitsa msoko, mwina 6 kapena 7 pa inchi, chifukwa makina amathamanga ndipo ulusi umalowa wochepa. Pa tsiku lotenga chovala palibe angaone kusiyana. Kumadzaoneka pa kuchapa kwachisanu.

Zimenezi amaphunzitsa makasitomala awo, ndipo poyamba ndinkaona ngati akudzipalira makala pamutu. Munthu amene wamuphunzitsa kuwerenga misoko adzawerenganso yako. Koma ndi chimene iwo akufuna. Amati munthu amene sadziwa poyang'ana sakukhulupirira, amangoyembekezera mwayi, ndipo tsiku limene mnzake adzamuuze za telala wotchipa adzapita. Amene wadziwa kutembenuza chovala akapita kwina amakatembenuzanso.

Kunja kwa misoko, nyerere zina za utelala zimakhala m'masiku. Mayi aang'ono ali ndi kope la sukulu, ndipo atha makope ambiri. Tsamba lililonse ndi munthu mmodzi: miyezo yake, kachidutswa ka nsalu yake kobayidwa ndi phini pakona, mtengo womwe agwirizana, ndalama yomwe wapereka, ndi tsiku lodzatenga. Amalemba mwini wake akuona. Amadziwa kuti pa makina opalasa, pamodzi ndi kudula ndi kusita, tsiku labwino limatulutsa madiresi awiri, ndipo ngati pali layining'i ndi imodzi. Akawerenga masamba n'kuona kuti masiku adzaza, amakana. Mu Disembala, pomwe maukwati, Khirisimasi ndi mayunifomu a Januwale zimagundana, amakana anthu ambiri kuposa amene amalandira. Ndinawaonapo akubweza nsalu ya mtengo wapatali ya munthu amene ankafuna kulipiriratu yonse. Atachoka ndinafunsa ngati sizikuwapweteka. Anati zikuwapweteka, koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. "Telala wonena kuti bwerani mawa sananame lero, mwanangu. Ananama tsiku lomwe analandira nsalu akudziwa kuti pansi pa makina pali kale mulu."

Ndalama yoperekeratu amaisunga payokha m'kachitini, ndipo saiyesa yawo mpaka chovala chitatuluka. Amangotapapo za zipi, ulusi ndi layining'i za chovala chomwecho. Atelala ambiri amagwa apa osati chifukwa cha kuba ayi, koma njala. Ndalama ya diresi ya lero yagula ufa, ndiye kuti diresiyo isokedwe pafunika ndalama ya munthu wa mawa, ndipo mulu uja umayamba choncho. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya ulusi ndi mazipi ku Limbe inakwera m'masiku ochepa. M'kope munali masamba angapo a mitengo yakale. Anasoka onsewo pa mtengo wolembedwa, ena mwa iwo osapindulapo kanthu, ndipo mtengo watsopano unayambira pa tsamba lotsatira. Sindikunena kuti aliyense angakwanitse zimenezi. Iwo anakwanitsa chifukwa ndalama ya m'kachitini inali isanadyedwe, ndipo zipangizo za zovala zambiri anali atagula kale.

Ndabwereranso ku funso lawo lija. Kuvutika kwanga kukumuuza chiyani munthu za nsalu yake? Masiku ano aliyense wochita malonda amalangizidwa kuti azifotokoza mbiri yake kuti anthu amukhulupirire, ndipo mbiri zambiri zimene ndimamva zimafanana ngati zosokedwa pa pateni imodzi: ndinayamba ndilibe kanthu, anthu ankandiseka, lero ndili pano. Sindikuti ndi zabodza. Zambiri ndi zoona, monganso umasiye wa mayi aang'ono ndi woona, ndipo ine ndinauona ndi maso, ndinadya nawo nsima ya ndiwo za mchere wokha m'nyumba imeneyo. Koma mbiri yotero imapempha chisoni kapena kuwomba m'manja. Munthu amene waima pakhomo ndi chitenje cha chinkhoswe m'chikwama ali ndi funso lina: zikadzalakwika, munthu uyu adzachita chiyani? Funso limenelo silingayankhidwe ndi munthu amene m'mbiri yake simunalakwikepo kanthu.

Komanso ndiyenera kunena kuti kuvomera kulakwa nakonso kungasanduke chikomekome. Alipo anthu odziwa kulapa mokoma, amene nkhani ya kugwa kwawo anaisita bwino mpaka inasanduka chokongoletsera. Chimene chimasiyanitsa nkhani ya mayi aang'ono n'chakuti chilichonse chili m'menemo munthu angathe kuchigwira ndi dzanja lero lomwe. Akuti anaphunzira kusiya inchi m'msoko: tembenuza diresi yako, ika tepi. Akuti amabweza zotsala: kamtolo kali m'thumba mwako kapena mulibe. Akuti tsiku lolembedwa ndi tsiku: kope lili pa tebulo. Mbiriyo ikanakhala kuti ikunena zinthu zimene sizikupezeka m'chovala, bwenzi ili nkhuyu ina chabe, ndipo anthu a ku Lunzu, amene amakumana pa chigayo ndi pa maliro, akanaing'amba kalekale.

Pepala limene tinapachika pakhoma pamapeto pake ndi lalifupi. Umasiye uli m'mzere umodzi. Agogo aja alimo, ndi thumba la simenti. Kotsalako ndi siketi ya mainchesi 42, manambala ake onse, ndi mawu amene mayi aang'ono ananena kwa mwini wake tsiku lija. Dzina la mayiyo anakana kuti tilembe, poti anati manyazi anali awo, osati ake.

Siketi yoyambayo ilipo. Mwini wake anaisiya pakhonde tsiku lokalipa lija, ndipo sanaifunsenso. Yasuluka, maluwa ake ofiira asanduka ofiirira, ndipo imalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko, yotembenuza. Loweruka lapitali ndinapeza mtsikana amene akuphunzira kwa iwo tsopano ataitsitsa, ataiyala pa tebulo, tepi ili m'manja. Mayi aang'ono anali kupalasa makina, akusoka kolala ya yunifomu, osamuyang'ana.

"Wapeza zingati m'msokomo?"

"Theka, Agogo. Penapake sipakukwana n'komwe."

"Nanga mwini wake akanenepa utani?"

Mtsikanayo anayang'ana msoko woyoyokawo nthawi yaitali, akuupisa ndi chala. Panja panaima mayi wina ndi jumbo ya nsalu, akuodira. Mayi aang'ono anaimitsa gudumu ndi dzanja, anadula ulusi, n'kukoka kope.

"Lowani, amayi. Nsaluyo mwaichapa?"